Kuika malemu amayi pachithunzi cha banja: yambani mwaonana ndi abambo ndi atsibweni

"Amayi anatisiya zaka ziwiri zapitazo, ndipo mu Seputembala tikukavundukula chiliza chawo kwathu ku Dedza. Tili ndi chithunzi cha tonse chomwe tinajambulitsa pa Khirisimasi: abambo, mayi amene anawakwatira chaka chatha, ana ndi zidzukulu. Ndikufuna kuikapo malemu amayi kuti chikaonetsedwe pa tsikulo. Chithunzi chawo chabwino nchimodzi chokha, chapepala, atavala yunifolomu ya Chigwirizano. Nditani kuti chioneke bwino komanso kuti ndisakhumudwitse abale?"

Achemwali, pepani ndi imfa ya amayi. Ine ntchito yanga ndi yokonza zithunzi, ndiye ndikuyankhani monga ndimawauzira anthu obwera ku situdiyo. Amayiwo musawaimike pamzere ngati kuti analipo tsiku la Khirisimasi lija. Aikeni m'malo awoawo, m'kabwalo kozungulira ngati dzira, pamwamba pa gululo kapena pakona, kuti aliyense akangoona adziwe kuti awa ndi malemu amene akukumbukiridwa. Njira imeneyi abale savuta kuivomera, komanso ndi yomwe chithunzi chaching'ono chapepala chingakwanitse osawonongeka nkhope.

Taganizani kaye zomwe zingachitike mutawaimika pamzere. Pachithunzi chanucho abambo ali ndi mayi atsopano pambali pawo. Malo okhawo omwe wokonza angaganize kuikapo malemu ndi mbali inayo ya abambo. Chotuluka pamenepo ndi bambo ali pakati pa akazi awiri, ngati wamitala, zomwe sizinachitikepo pa moyo wawo. Mayi atsopanowo adzamva ngati mukuwauza kuti pakhomopo ndi alendo, ndipo abale a malemu adzafunsa kuti mlongo wawo mwamuimikiranji pamodzi ndi wolowa m'malo mwake. Kuwachotsa mayi atsopanowo kuti malemu alowe pamalo pawo ndiye koipitsitsa, ngakhale kuti pakompyuta nkosavuta. Musalole wokonza akunyengerereni kutero.

Palinso china chomwe achinyamata timachipeputsa. Kwa akuluakulu ambiri, womwalira ali ndi malo ake ndipo amoyo ali ndi awo. Ena akaona malemu ataimikidwa phewa ndi phewa ndi mwana wamoyo amati ndi malodza, kapena kuti mukumuitanira mwanayo komwe kuli malemuwo. Inu mukhoza kusakhulupirira zimenezi, koma mwa zidzukuluzo wina akadzadwala mwezi wotsatira, kapena azakhali akadzayamba kulota malemu, chithunzicho ndi chomwe chidzatchulidwe, ndipo dzina lanu lidzatchulidwa nacho limodzi. Kabwalo kapadera kaja kamachepetsa nkhawa yotere chifukwa kamafanana ndi chithunzi chomwe timachiona papulogalamu ya maliro, chinthu chomwe aliyense anachizolowera kale.

Tsono ofunika kuwafunsa ndani? Yambani ndi abambo, panokha, mayi atsopano palibe, kuti ayankhule momasuka. Akavomera, apempheni kuti akawauze okha akazi awo, kapena mupite nonse. Kenako atsibweni anu. Ngati kwanu mumatsata mwambo wachichewa, womwe mtundu umayendera kuchikazi, mlongo wa amayi ndiye mwinimbumba, ndipo nkhani ya chiliza ili m'manja mwake kuposa mwa abambo. Chinthu chokaonetsedwa pamwambo umene iye akuyang'anira asakachionere pomwepo. M'mabanja otsata kuchimuna, monga Angoni a ku Mzimba ndi Atumbuka, mawu akulu amakhala kwa abale a bambo, ndiye ena owerenga pano aone komwe kwawo kumayendera. Mukachoka kwa atsibweni, fikani kwa amayi aakulu ndi amayi aang'ono, kenako abale anu obadwa nawo. Musaiwale apongozi ndi alamu amene ali pachithunzipo: nkhope zawo ndi za ana awo zili pomwepo, ndipo ali ndi ufulu wokana. Ngati wina ndi wa chipembedzo chosalola kupachika zithunzi za anthu m'nyumba, monga zilili kwa Asilamu ambiri, mufunseni mwapadera.

Kafunsidwe kake nkofunika kwambiri. Musakonzetse chithunzi kaye nkuchiponya pagulu la banja la WhatsApp ndi mawu akuti mukuchiona bwanji. Munthu amene sanakonzekere akatsegula foni nkuona mayi ake kapena mlongo wake ali pakati pa zidzukulu zomwe sanazione, mtima umasweka ngati maliro achitika dzulo, ndipo yankho lake limatuluka ndi mkwiyo. Tengani pepala, jambulani ndi pensulo timitu ta anthu ndi kabwalo pamwamba, muwaonetse atsibweni kuti maganizo anu ndi otere. Ngati muli kutali, imbani foni, musalembe. Ndipo mvetserani bwino yankho. Wamkulu akati "chabwino, poti mwaganiza kale", ameneyo sanavomere. Muuzeni kuti simunayambe chilichonse ndipo mukudikira mawu ake. Mmodzi mwa eni nkhani akakana, kaya abambo kaya atsibweni, chithunzi chophatikizacho chisapite kumwambo. Mukhoza kukhala nacho kunyumba kwanu, koma pa tsikulo muike chithunzi cha amayi chokha mufulemu.

Pali njira ina yomwe ine ndimaikonda kuposa zonse, ndipo siifuna kompyuta. Kulitsani chithunzi cha amayi, chiikeni mufulemu, ndipo pa tsiku la chilizalo mujambulitse chithunzi chatsopano cha banja lonse, mwana woyamba kapena atsibweni atanyamula fulemuyo pakati. Palibe chabodza pamenepo, ndipo amene sakufuna angoima pambali osajambulidwa. Ngati abale akukayikakayika, apatseni njira imeneyi.

Akavomera zophatikiza, ntchito iyambire pa chithunzi chapepalacho. Chipangitseni sikani, ndipo muwauze kuti aike `600 dpi`, kutanthauza timadontho 600 pa inchi iliyonse, ndi kusunga ngati TIFF kapena JPEG yosapanikiza kwambiri. Malo ambiri opanga fotokope amasiya makina pa `200 dpi` kapena `300 dpi` chifukwa anazolowera makalata, ndiye mutchule nokha. Muimirire pomwepo mpaka akubwezereni chithunzicho. Poti nchimodzi chokha, chisagone ku situdiyo. Ngati chinamatirira pagalasi la fulemu, musachikoke, chimang'ambika kumaso. Achipange sikani ndi galasi lomwelo. Sikani ikasowa, chijambuleni ndi foni pakhonde masana, pamthunzi, mutazimitsa fulashi, foni itayang'ana chithunzicho molunjika osapendekeka. Potumiza pa WhatsApp sankhani `Document`, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi wamba amachichepetsa ndipo nkhope imafufutika. Chimodzimodzi chithunzi cha pa Khirisimasi chija: pezani amene anajambula akupatseni chochokera mufoni kapena mukamera yake, osati chomwe chadutsa m'mafoni asanu.

Tiwerengere pang'ono kuti mudziwe kukula komwe mungafike. Zithunzi zambiri zotsukitsa ku situdiyo zimakhala masentimita 10 m'lifupi ndi 15 m'litali. Ngati amayi anajambulidwa ataimirira thupi lonse, mutu wawo pamenepo ungakhale sentimita imodzi ndi theka. Tengani rula muyeze. Pa `600 dpi` mutu umenewo umatuluka ndi timadontho pafupifupi 350 kuchokera kuchibwano kufika pamwamba pa duku. Chithunzi chosindikiza bwino chimafuna timadontho 300 pa inchi iliyonse, choncho mutuwo ukhoza kukula mpaka masentimita atatu uli wooneka bwino. Kupyola apo umayamba kuchita chifunga, ndipo kukweza sikani kufika `1200 dpi` sikuthandiza kwenikweni, chifukwa zomwe pepalalo silinasunge makina sangazipeze. Ndiye ngati mukufuna kusindikiza pa A4, kabwalo kotalika masentimita 6 kapena 7, kotenga mutu ndi mapewa, kakwanira bwino. Pa A3 kapena pa chinsalu chachikulu chopachika patenti, nkhope ya amayi idzakhala yofufutika pomwe za ena zili zowala. Chopachika patali chimabisako vuto limeneli, koma chomwe anthu adzachigwire m'manja sichibisa.

Apa ndi pomwe okonza ambiri amalakwitsa. Akaona nkhope yofufutika amayamba kuisalaza, kuyeretsa khungu, kuwongola mphuno, kujambulanso maso. Chotuluka ndi mayi wokongola koma wachilendo, ndipo atsibweni adzangoti uyu si mlongo wanga. Muuzeni wokonza kuti achotse timikwingwirima, fumbi ndi chikasu cha ukale, koma nkhope asaikhudze: mphini ngati zilipo, mpata wa mano, makwinya, khungu monga linalili. Yunifolomu ya Chigwirizano aisiye momwe ilili, asaisinthe mtundu kapena kuwaveka chovala cha munthu wina, pakuti amayi anzawo a mumpingo adzakhalapo ndipo amaidziwa bwino. Asatembenuzenso chithunzi kuti kumanja kukhale kumanzere pofuna kuti amayi ayang'ane gululo. Nkhope ya munthu siifanana mbali zonse, ndipo owadziwa amaona kuti china chake chalakwika ngakhale sangachitchule. Ngati amayi akuyang'ana kumanja, kabwaloko kakhale pakona ya kumanzere. Mapiko, mitambo ndi nkhunda ndi zokonda za munthu, koma ine ndimazisiya. Dzina ndi zaka zawo pansi pa kabwalo nzokwanira.

Mwina banja lonse lidzati ayi, tikufuna aime nafe pamzere. Zikatero, malo abwino ndi kumapeto kwa mzere wa kumbuyo, pafupi ndi ana awo, pomwe miyendo yabisika ndi anthu a kutsogolo. Mapazi ndi mthunzi wake pansi ndi zomwe zimaulula msanga kuti munthu wamatidwa. Yang'anani komwe kuwala kukuchokera. Ngati onse mthunzi wa mphuno uli kumanzere koma wa amayi uli kumanja, kapena amayi anajambulidwa m'nyumba ndi fulashi pomwe inu munali padzuwa, sizidzagwirizana ngakhale wokonza akhale katswiri. Kusandutsa chithunzi chonse kukhala chakuda ndi choyera kumabisa kusiyana kwa mitundu, koma kwa kuwala ayi. Onaninso msinkhu: ngati amayi ankafika paphewa pa abambo, asatuluke atawapitirira.

Musanalipire zonse, asindikize kamodzi kakang'ono koyesera, chifukwa mitundu ya pakompyuta ndi ya papepala imasiyana. Kameneko kaonetseni abambo ndi atsibweni pamaso, mutawauza kaye chomwe muwaonetse. Kwa wokonza mutenge zinthu zitatu: sikani ya amayi yosakhudzidwa, chithunzi cha pa Khirisimasi choyambirira, ndi fayilo yogwirira ntchito, yomwe mu Photoshop ndi PSD ndipo mu GIMP ndi XCF, kuti wina akadzapempha kusintha musadzayambirenso. Mumuuzenso momveka kuti asachiike pa Facebook potsatsa ntchito yake, ndipo abale mugwirizane ngati chingaikidwe pa intaneti kapena ayi. Kumbuyo kwa chosindikizacho lembani chaka chomwe gululo linajambulidwa, chaka chomwe amayi anamwalira, ndi kuti chithunzi chawo chinawonjezedwa pambuyo pake ndi chilolezo cha banja. Yambani kufunsa abale mu Julayi, kuti wokana akane nthawi yosintha maganizo ikadalipo.