Zilembo zotembenuka pa selefi

"Anzanga thandizeni. Ndimagulitsa salaula ku Kapata. Ndikavala tisheti n'kudzijambula kuti ndionetse makasitomala, zilembo zake zimatuluka motembenuka, zosawerengeka. Foni yanga ndi Samsung. Kodi kamera yafa?"

Amayi, kamerayo ili bwinobwino, musataye ndalama kwa okonza mafoni. Kamera yakutsogolo imakuonani monga momwe amakuonerani munthu amene waima patsogolo panu. Koma foni isanakuonetseni nkhope yanu pasikirini, imayamba yatembenuza chithunzicho kuti chikhale ngati mukudziyang'ana pagalasi. Anachita dala. Mukapendeketsa mutu kumanja, chithunzinso chimapendekera komweko. Pakanapanda zimenezi, ngakhale kukonza duku kukanavuta, dzanja likupita uku, pasikirini likulowera kwina.

Nkhani yagona posunga. Mukadina batani, foni imatha kusunga za pagalasi zija, kapena kusunga zimene kamera yaonadi. Yanuyo ikusunga za pagalasi, n'chifukwa chake zilembo zikuyambira kumanja.

Tsegulani Camera, dinani kachizindikiro kooneka ngati giya, mufufuze mawu akuti Save selfies as previewed. Mukawapeza ali oyatsa, zimitsani. A iPhone apite ku Settings, kenako Camera, azimitse Mirror Front Camera, imene inabwera ndi iOS 14 mu 2020. Pa Tecno ndi itel yang'anani pamene pali liwu loti Mirror m'kati mwa kamera momwemo.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka: ngakhale mutazimitsa, pojambulapo mudzadzionabe motembenuka. Musaweruzire pamenepo. Lembani K50 pakatoni, igwireni pachifuwa, jambulani, ndiyeno mukatsegule chithunzicho mu Gallery. K akakhala kumanzere ndipo mtengowo ukuwerengeka, zatheka.

Zithunzi zakale sizisintha zokha ayi. Tsegulani chimodzi, dinani kapensulo, ndipo pamalo podulira chithunzi mupeza kachizindikiro kokhala ndi mbali ziwiri zofanana, kamzere pakati. Kameneko ndiye kotembenuzira. Kamuvi kozungulira kaja kasiyeni, kangokugonekerani chithunzi cham'mbali.

Ndikuchenjezeretuni, masiku oyamba mudzaona ngati nkhope yanu yapotoka. Mlongo wanga ku Katete anayatsanso tsiku lomwelo, ati mphuno yakhota. Sinakhote. Palibe munthu amene mbali ziwiri za nkhope yake zimafanana ndendende, ndipo ife tinazolowera ya pagalasi, pamene anzathu amaona inayo tsiku ndi tsiku. Makasitomala anu sadzadabwa chilichonse.

Chinanso, mukajambulira m'kati mwa WhatsApp kapena Facebook, zimene mwasintha zija sizitsatidwa nthawi zonse, poti mapulogalamu amenewa amayendetsa kamera m'njira yawoyawo. Jambulirani mu Camera, kenako mutumize kuchokera mu Gallery. Koma kunena zoona, pa malonda ine ndikanapempha mnzanga wa pabenchi yoyandikana kuti andijambule ndi kamera yakumbuyo. Imeneyo sitembenuza, ndipo pamafoni ambiri ndi imene imaonetsa bwino mtundu wa nsalu.