Kulemba nkhani ya chitukuko chokhazikika

"Atiuza kulemba nkhani yofotokoza chitukuko chokhazikika ndi nsanamira zake zitatu. Ndiyambire pati?"

Yambani ndi tanthauzo la mu lipoti la Brundtland, lomwe komiti ya bungwe la United Nations inatulutsa mu 1987: chitukuko chokwaniritsa zosowa za anthu a lero popanda kulepheretsa mibadwo yam'tsogolo kukwaniritsa zawo. Mawu oyamba athere pakutchula nsanamirazo: umoyo wa anthu, chuma ndi chilengedwe.

Ambiri amalakwitsa pakati. Amapatsa nsanamira iliyonse ndime yakeyake ngati sizidziwana, pamene wochonga akufuna aone mmene zimakokerana. Ine ndimakonda chitsanzo chimodzi choyenda m'ndime zonse. Tengani usodzi. M'ndime ya chuma, onetsani kuti maukonde a maso ang'onoang'ono amachulukitsa nsomba zogulitsa. M'ndime ya chilengedwe, maukonde omwewo akukokolola tinsomba tisanaswane, ndipo chizindikiro chake n'chakuti nsomba zogwidwa zikucheperachepera msinkhu. M'ndime ya anthu, funsani kuti boma likatseka nyanja nyengo yoswana, banja la msodzi lidya chiyani miyezi imeneyo. Ndime yachinayi, yomwe imasowa m'nkhani zambiri, iyeze njira yothetsera kukokeranako.

Pomaliza musabweretse mfundo yatsopano. Nenani ngati usodziwo ungapitirire, ndi chifukwa chake.