Madramu a Neu! akuimba ndi munthu, si makina

Kalata iyi yafika sabata yatha kuchokera kwa wowerenga wina:

"Achimwene, mnzanga wandimvetsera nyimbo ya bandi ya ku Jeremani yotchedwa Neu!, mutu wake Hallogallo. Mphindi khumi zonse madramu sasintha, woimba mawu palibe, koma sindikutopa nayo. Kodi akuimba ndi makina? Ndayesa kupanga kalizidwe komweko pa kompyuta yanga koma kakumveka kakufa. Ndikulakwitsa pati? Nanga anthu amenewa ankafuna chiyani?"

Ayi achimwene, pamenepo pakhala munthu, thukuta lili kamukamu. Dzina lake ndi Klaus Dinger, wa mumzinda wa Düsseldorf. Iye ndi mnzake woimba gitala, Michael Rother, anajambula nyimboyi ku Hamburg mu Disembala 1971, ndipo chimbale chonse anachimaliza m'masiku anayi okha, akugwira ntchito usiku pamodzi ndi katswiri wojambula mawu Conny Plank. Chinatuluka mu 1972. Awiriwa anali atangochoka m'bandi ya Kraftwerk, imene nthawi imeneyo inali isanasanduke bandi ya zipangizo zamagetsi zokhazokha monga timaidziwira lero.

Ndiyambe ndi kalizidweko, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Gawani bala imodzi m'tizigawo 8 tofanana, monga timabokosi ta pa kompyuta yanu. Haihati imalira pa tonse. Sineya imalira pa kachitatu ndi kachisanu ndi chiwiri. Kiki, ng'oma ya phazi ija, imadzaza paliponse pamene sineya palibe:

```
hi-hat  x x x x x x x x
snare   . . x . . . x .
kick    x x . x x x . x
```

Mukaisiya izungulire, mudzamva kiki katatu, sineya kamodzi, kiki katatu, sineya kamodzi, mpaka kalekale. Liwiro lake ndi pafupifupi mabiti 150 pa mphindi, ndipo biti iliyonse ili ndi tizigawo tiwiri. Tiwerengere limodzi: pa mphindi khumi, haihati imagundidwa pafupifupi ka 3,000, ndipo phazi limaponda koposa ka 2,000. Yesani kupondetsa chidendene chanu choncho kwa mphindi ziwiri zokha, mudzamva katumba akuyaka moto.

Tsono yerekezani ndi chamba cha roko chimene anthu anazolowera. Kumeneko kiki ndi sineya zimalandizana ngati anthu awiri osinja mu mtondo umodzi, uyu aponya, uyu aponya, ndipo pakati pamakhala mpata wopumira. Pakatha mabala anayi kapena asanu ndi atatu, woimba madramu amazungulira ng'oma zonse, n'kumenya chimbale chachitsulo chija, kukuuzani kuti vesi yatha, kolasi ikubwera. Madramu amakhala ngati mlozo wa pamsewu. Dinger anatseka mipata yopumirayo ndi kiki, n'kuzula milozo yambiri. Nthawi zina amawazako timikwapulo tating'ono, koma sitikuuzani kuti gawo latsopano layamba, chifukwa gawo latsopanolo kulibe. Atolankhani ndi amene anadzatcha kalizidweka kuti motorik, kutanthauza kuti kamayenda ngati injini. Mwini wake sankakonda kukatchula choncho. Iye ankati ndi msewu wowongoka wautali, ndipo pambuyo pake anakatcha Apache.

Nanga n'chifukwa chiyani simukutopa nayo? Khutu la munthu likazindikira kuti chinthu sichisintha, limaleka kuchilondera, n'kuyamba kumva zina zimene zikuchitika pamwamba pake. Mu Hallogallo, gitala ya Rother imakhala pa kodi imodzi, ya E, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chimene chimasintha ndi mtundu wa mawu. Pali gitala ina yodukizadukiza yodutsa mu pedulo ya wawa, imene imatseguka ndi kutsekeka ngati pakamwa. Pali ina ya mawu ataliatali oyandama, ndipo ena mwa iwo akuyenda chambuyo: anatembenuza tepi, kotero kuti mawu amene amayenera kuyamba mwamphamvu n'kuzilala, amayamba chapansipansi, n'kukula, n'kuduka mwadzidzidzi. Ikani zomvera m'makutu mumvetsere bwino, mudzawamva akufufuma choncho. Mu nyimbo ya mavesi ndi makolasi, tinthu ngati timeneti sitingamveke n'komwe. Pano ndi timene tili nkhani yonse.

Ichi ndicho anasintha pa roko, mwa kuona kwanga. Nyimbo inaleka kukhala nthano yokhala ndi chiyambi, pachimake ndi mathero, n'kukhala ulendo umene umangoukwera. Mudzaona kuti Hallogallo imayamba mawu akukwera pang'onopang'ono, n'kutha akuzimirira, ngati kuti inali ikulira kale musanafike ndipo ipitirira mutachoka.

Za chimene ankafuna, kumbukirani kuti awa ndi ana obadwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Dinger anabadwa mu 1946, Rother mu 1950. Nyimbo zotchuka za kwawo zinali zotsekemera ngati shuga, zoiwalitsa anthu zimene makolo awo anachita nthawi ya Hitler. Mbali inayi kunali roko ya ku Amereka ndi ku Mangalande, imene anyamata ambiri a ku Jeremani, Rother yemwe, anayamba n'kuikopera. Zonse ziwiri sanazione ngati zawo. Pofuna kuyamba pa tsamba loyera, anachotsa chilichonse chonunkha bulusi: makodi atatu aja, gitala yolira yokha modzionetsera, woimba woima kutsogolo ngati tambala. Rother anakhalako ku Pakisitani ali mwana, ndipo amanena kuti nyimbo za kumeneko, zoyenda pa liwu limodzi osatha msanga, zinamulowa m'magazi. Kwa ife amene tinakula tikumva ng'oma imodzi ikugwira kalizidwe kamodzi usiku wonse kuti inzake isewere pamwamba, nzeru imeneyi si yachilendo. Kwa omvera roko a nthawi imeneyo inali yodabwitsa.

Si Neu! yokha. Ku Cologne kunali bandi ya Can, imene inayamba mu 1968, ndipo woimba madramu wake, Jaki Liebezeit, ndi amene ine ndimamuvulira chipewa koposa. Iye anachokera ku jazi yopanda malamulo, kumene kubwereza kalizidwe kunali ngati tchimo, n'kutembenukiratu. Mverani Halleluhwah pa chimbale cha Tago Mago cha 1971: mphindi zoposa 18, kalizidwe kamodzi kovinitsa, kokhotakhota kusiyana ndi msewu wowongoka wa Dinger, koma kosagwedezeka. Anzake awiri, Holger Czukay ndi Irmin Schmidt, anaphunzira kwa Karlheinz Stockhausen, mmodzi wa akatakwe oyambirira a nyimbo zamagetsi. A Can ankaimba nthawi yaitali osakonzekera, akujambula pa makina a njira ziwiri zokha, kenako Czukay ankatenga lezala, kudula tepi, kutaya zozizira, n'kulumikiza zotentha. Onani ubwino wa madramu osasunthawo: ngati liwiro la mphindi yachitatu ndi lofanana ndi la mphindi ya 20, mukhoza kudula pakati n'kumata popanda womvera kuzindikira msoko. Madramu obwerezabwereza ndi tepi zinkafunana.

Ndiye mukamva kuti "zamagetsi" pa zimbale za 1971 ndi 1972, musaganize za makompyuta. Kwenikweni zinali tepi, eko, mapedulo, oligani yopotozedwa mawu, ndi manja a munthu wokhala pa mikisa. Makina oliza madramu analipo, ndipo Can inagwiritsa ntchito kamodzi ka iwo mu nyimbo ya Spoon, koma Liebezeit ankaimba pamodzi nako. Ngakhale pa Autobahn ya Kraftwerk ya 1974, ya mphindi 22 ija, ng'oma zamagetsi ankazimenya ndi Wolfgang Flür ndi timitengo tachitsulo.

Tsopano ku kompyuta yanu. Sindinamve chimene mwapanga, koma ndikhoza kulota, chifukwa nanenso ndinagwa m'dzenje lomwelo. Ndinadzaza timabokosi monga ndalembera pamwambapa, n'kusindikiza batani, ndipo chimene chinatuluka chinali chigayo cha dizilo. Vuto loyamba ndi mphamvu ya kagundidwe. Pa kompyuta kiki iliyonse imatuluka yofanana ndendende, pamene phazi la munthu silingaponde katatu motsatizana ndi mphamvu imodzi. Tsegulani pamene palembedwa `velocity`, pamene manambala amafika 127. Kiki ya pa kabokosi koyamba ndi kachisanu muiike cha m'ma 110, yotsatira cha m'ma 90, ndipo yobwera sineya itangolira cha m'ma 80. Haihati nayonso izilemera ndi kupepuka mosinthana. Manambalawa ndi poyambira chabe, khutu lanu ndilo liweruze. Koma `swing` musaikhudze, isiyeni pa ziro. Mukaipendeketsa pang'ono pokha, msewu uja umasanduka wa mabampu, ndipo mwalowa chamba china.

Vuto lachiwiri ndi kiki yonenepa. Masiku ano timakonda kiki ya mchira wautali yogwedeza mawindo. Pa liwiro la 150, kuchokera pa kabokosi kamodzi kufika pa kena pamangotenga gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Kiki ikalira kupitirira pamenepo imapondana ndi inzake, ndipo mumangomva phala. Sankhani yaifupi, youma. Mudzadziwa kuti mwakhoza mukamatha kuwerenga zitatu zija payokhapayokha ngakhale pa sipika ya foni.

Lachitatu ndilo lalikulu, ndipo silili m'madramu. Ambiri amapanga mabala anayi a gitala kapena kiyibodi, n'kuwakopera mpaka kumapeto. Zikatero pansi sipasintha, pamwamba sipasintha, khutu lilibe chodya. Madramu mukhoza kuwazunguliza, koma zapamwamba muziimbe ndi manja kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mphindi zonsezo, pa kodi imodzi, dzanja lina likupotoza fyuluta pang'onopang'ono. Jambulani kawiri kapena katatu, imodzi muitembenuze iyende chambuyo, kenako pa mikisa muzikweza iyi, kutsitsa iyo. Poyesa, dumphani kuchokera pa mphindi yachiwiri kufika pa yachisanu ndi chimodzi. Ngati simukumva kusiyana kulikonse, nyimbo yafa. Ngati kusiyana kulipo koma simungaloze sekondi imene kunachitikira, mwaipeza.

Njira imeneyi ili ndi malire ake, ndisakunamizeni. Imadya nthawi ya mu situdiyo, ndipo nthawi ndi ndalama. Pojambula chimbale chachiwiri mu 1973, a Neu! ndalama zinawathera ali ndi nyimbo zokwana mbali imodzi yokha. Anatenga nyimbo ziwiri zimene anali atatulutsa kale pa kambale kakang'ono, Super ndi Neuschnee, n'kuziliza pa liwiro lolakwika, pena kambaleko kakuzungulira ka 16 pa mphindi, pena ka 78, n'kudzazira mbali yachiwiriyo. Ena lero amati kumeneko kunali kutsogola nzeru. Ine ndaimvera kokwanira mbali imeneyo, ndipo ndikaika chimbalecho ndimangobwereza yoyamba.

Mukakonza, nditumizireni ndimve. Muyambe ndi kufupikitsa kiki ija.