Kudula kachidutswa ka vidiyo ya ukwati kuti kapite pa WhatsApp

"Wojambula ukwati wa mng'ono wanga anatipatsa vidiyo yonse pa fulashi, ya maola awiri, ndipo kompyuta ikuti ndi 14 GB. Ine ndikungofunapo pamene agogo akuvina ndi mkwatibwi, kuyambira pa 47:20 mpaka 48:50, kuti nditumizire achibale pa WhatsApp. Ndinayesa kujambula sikirini ndi foni koma zinatuluka zonyansa. Ndipange bwanji?"

Achemwali, apa pali ntchito ziwiri zimene anthu ambiri amaziyesa imodzi: kudula ndi kuchepetsa. Mukangodula basi, kachidutswako kamatulukabe kolemera. Tawerengani nane. Mphindi 120 zikutenga 14 GB, ndiye kuti mphindi iliyonse ikudya pafupifupi 117 MB. Gule wa agogo ndi wa mphindi imodzi ndi theka, choncho atuluka wa 175 MB kapena pamenepo. WhatsApp ikalandira vidiyo yotere imaifinya yokha mmene ikufunira, ndipo nthawi zina imakuuzani kuti muidulenso. Ndi bwino kuti kufinyako muchite nokha, mukuona ndi maso anu.

Poyamba pezani nthawi yeniyeni. Tsegulani vidiyoyo mu VLC, pulogalamu yoonerapo mavidiyo pa kompyuta, dinani Ctrl ndi T pamodzi, lembani 47:10, muonere kuchokera pamenepo. Mvetserani kwambiri kuposa kuyang'ana. Kachidutswa koyambira pakati pa mawu a woyendetsa mwambo kamamveka ngati munthu wakutsekera chitseko, pomwe koyambira pamene nyimbo ikungoyamba kamakhala ngati kanajambulidwa pakokha. Kumapeto siyani masekondi awiri kapena atatu, anthu amalize kuwomba m'manja. Ine ndipitiriza ndi nthawi zimene mwatchulazo, inu mudzasintha mukamvetsera.

Chida chimene ndimagwiritsa ntchito ndi FFmpeg. Ndi chaulere, chimagwira pa Windows, Mac ndi Linux, koma chilibe mabatani, mumachilembera lamulo. Musaope, ndi mzere umodzi wokha. Mukachiika pa kompyuta yanu, koperani kaye fayiloyo kuchoka pa fulashi, muitche ukwati.mp4, mutsegule Terminal kapena Command Prompt m'foda momwe ilimo. Lamulo longodula ndi ili:

```
ffmpeg -ss 00:47:20 -i ukwati.mp4 -t 90 -c copy chidutswa.mp4
```

Apa `-ss` ndi poyambira, `-t 90` ndi kutalika kwake m'masekondi, ndipo `-c copy` akutanthauza kuti kopera mmene ziliri osakonzanso kanthu. Limatha pakanthawi kochepa chabe ndipo chithunzi sichiwonongeka ngakhale pang'ono. Koma lili ndi khalidwe lina limene limazunguza anthu, ndipo ndi lofunika kulimvetsa.

Vidiyo siisunga chithunzi chilichonse chathunthu. Imasunga chathunthu chimodzi, chimene akatswiri amachitcha kifulemu, kenako zotsatira zake zimangolemba zimene zasintha: dzanja la agogo lakwera, chovala cha mkwatibwi chagwedezeka, khoma lakumbuyo lili momwemo. Pakapita kanthawi pamabwera chathunthu china. Mpata wa pakati pa ziwirizi umasiyanasiyana. Makamera ambiri amaika chimodzi pa sekondi iliyonse kapena kuchepera apo, koma vidiyo imene yadutsa m'pulogalamu yokonzera ikhoza kukhala ndi mpata wofika masekondi khumi. Tsono mukadula mongokopera, kompyuta singayambire pa chithunzi chongolemba zosintha, chifukwa palibe chimene zosinthazo zingatsamire. Imabwerera mmbuyo kukatenga chathunthu chapafupi. Zotsatira zake mumaziona poyambirira pa kachidutswa: pa foni ina kakuyamba msanga, kukuoneka msana wa munthu amene amadutsa kutsogolo kwa kamera agogo asanadzuke pampando, pa foni ina chithunzi changoima kapena kuli bii kwa kanthawi pamene nyimbo ikumveka kale. Mukaona zimenezi musaganize kuti fayilo yawonongeka.

Popeza inu mukufunanso kuchepetsa, lamulo loyambalo silikukwanirani. Mukufunika lachiwiri, limene limamanganso vidiyoyo mwatsopano. Ubwino wake limayambira ndendende pa sekondi imene mwanena, chifukwa limadzipangira lokha chithunzi chathunthu choyambira.

Kukula kwa fayilo kumachokera pa zinthu ziwiri zokha: kutalika kwa nthawi, ndi kuchuluka kwa deta imene sekondi iliyonse ikudya, imene amati bitireti. Kwa zaka zambiri malire a vidiyo pa WhatsApp anali 16 MB, ndipo ine ndimayezerabe pamenepo, chifukwa fayilo yotere imatsika msanga ngakhale netiweki ikuvuta, komanso simalizitsa bando ya wolandira. Baiti imodzi ili ndi mabiti 8, ndiye 16 MB ndi mamegabiti 128. Gawani 128 ndi masekondi 90, mupeza mamegabiti pafupifupi 1.4 pa sekondi, amene ndi makilobiti 1400. Pamenepo tipatse mawu makilobiti 96, chithunzi 1200, kotsalako kakhale kopumira. Zonse pamodzi ndi 1296, kuchulukitsa ndi 90, kugawa ndi 8, fayilo ituluka ya 14.6 MB.

```
ffmpeg -ss 00:47:20 -i ukwati.mp4 -t 90 -vf scale=-2:720 -c:v libx264 -b:v 1200k -pix_fmt yuv420p -c:a aac -b:a 96k chidutswa_chochepa.mp4
```

Gawo la `scale=-2:720` limatsitsa msinkhu wa chithunzi kufika pa 720, m'lifupi nkumatsatira wokha kuti anthu asaoneke ofinyika. Ena amakana kutsitsa, amati ukwati unajambulidwa pa 1080 ndiye ukhale momwemo. Ine sindigwirizana nawo. Deta yochepa yomweyo mukaimwaza pa chithunzi chachikulu imapyapyala, ndipo pa gule, pomwe aliyense akugwedezeka ndi magetsi akuthwanima, mudzaona nkhope za anthu zikusanduka timabokosi ndi maluwa a pa diresi akusungunuka. Pa sikirini ya foni, 720 yoyera imaposa 1080 yamabokosi. Magawo a `libx264`, `yuv420p` ndi `aac` musawasinthe. Ndi amene amachititsa kuti ngakhale foni yakale itsegule, osati wina akuyimbireni kuti akungomva mawu koma sakuona kanthu.

Pali msampha umodzi umene ndinagweramo ndekha. Mukhoza kuganiza zolemba `-to 00:48:50` m'malo mwa `-t 90`, poti ndi pamene gule akuthera. Koma `-ss` akakhala kutsogolo kwa `-i`, wotchi imayambiranso pa ziro, ndiye `-to` wolembedwa pambuyo pa dzina la fayilo amatenga mphindi 48 ndi masekondi 50 zathunthu kuchokera pamene mwayambira. Tsiku limenelo ndinadikira nthawi yaitali ndikudabwa kuti kachidutswa kakang'ono kakuchedweranji. Werengani masekondi nokha, mugwiritse `-t`.

Ikatha, ioneni pa kompyuta poyambira ndi pothera, kenako mudzitumizire nokha pa WhatsApp musanatumizire gulu. Ngati timabokosi tikuonekabe, musathamangire kukweza 1200 uja. Fupikitsani kachidutswako kufika masekondi 60, pamenepo ndiye chithunzi mungachipatse 1900k fayilo nkukhalabe pafupifupi 15 MB. Ndipo dziwani kuti mukatumiza ngati vidiyo wamba, WhatsApp ikhoza kuifinyanso kachiwiri. Kuti ifike mmene mwaipangira, dinani potumizira zinthu musankhe Document. Njira imeneyi imalola mpaka 2 GB kuyambira mu 2022, moti mng'ono wanu, amene angafune kusunga gule wa agogoyo osachepetsedwa, mukhoza kumutumizira ya 175 MB ija ya lamulo loyamba, bola akhale pa Wi-Fi potsitsa.