Kuyerekeza randomu folesiti ndi lojisitiki rigiresheni: zolemba mu methodoloje

"Akuluakulu thandizeni. Ndikulemba dizeteshoni ya masitazi, ndikuyerekeza randomu folesiti ndi lojisitiki rigiresheni polosera kupinimbira kwa ana pa deta ya MDHS 2015-16. Supavaiza wandibwezera chaputala cha methodoloje, akuti ndangofotokoza mamodelo. Ndilembemo chiyani?"

Achemwali, amene adzayese dizeteshoni yanu akudziwa kale kuti randomu folesiti ndi mitengo yambiri yophatikiza mayankho ake, ndipo akudziwa kuti Leo Breiman adaifotokoza mu 2001. Zimenezo zipatseni ndime imodzi, lojisitiki nayo ndime imodzi. Chimene akufuna kuona ndi umboni wakuti mamodelo awiriwa mudawayesa mwachilungamo: deta imodzi, magawo amodzi, chisamaliro chofanana, muyeso umodzi. Masamba otsala onse agwire ntchito imeneyo, moti wina atatenga chaputala chanu ndi fayilo yomweyo apeze manambala anu omwewo.

Yambani ndi chiganizo chonena poyera kuti cholinga chanu ndi kulosera. Kulosera ndi kufunsa kuti, mwana amene modelo sinamuonepo, ingadziwe bwino motani ngati ndi wopinimbira. Kufunsa chimene chimachititsa kupinimbira ndi nkhani ina, ndipo deta yotoleredwa kamodzi kokha ngati ya DHS siyankha bwino funso limenelo. Ambiri amasakaniza ziwirizi, n'kuika ma odi reshiyo a lojisitiki pambali pa mndandanda wa mavaliyebulo ofunika wa folesiti ngati kuti ndi chinthu chimodzi. Sizifanana, ndipo sizingayerekezedwe.

Kenako fotokozani mmene sampulo idatengedwera, chifukwa zonse zotsatira zikudalira pamenepa. Kafukufuku wa 2015-16 adachitidwa ndi ofesi ya NSO, ndipo sadatole ana mmodzimmodzi m'dziko lonse. Maboma 28 adagawidwa m'tauni ndi kumudzi, n'kupanga masitirata 56. M'menemo adasankha makilasita 850, 173 a m'tauni ndi 677 a kumudzi, kenako n'kusankha mabanja mkati mwa kilasita iliyonse. Msinkhu wa ana udayezedwa m'gawo limodzi mwa magawo atatu a mabanjawo. Lembani fayilo imene mwagwiritsa ntchito. Ya KR ili ndi ana a amayi amene adafunsidwa mafunso okha, pamene ya PR ili ndi ana onse a pakhomo, ndiye chiwerengero chanu chikasiyana pang'ono ndi 37 peresenti ya mu lipoti, chifukwa chake chingakhale chimenechi.

Tanthauzo la kupinimbira lilembedwe mwatsatanetsatane. Mu KR ndi `hw70`, kutalika poyerekeza ndi zaka malinga ndi miyeso ya WHO, ndipo nambalayo idachulukitsidwa ndi 100. Wopinimbira ndi amene ali pansi pa -200. Koma muli makhodi monga 9996 ndi 9998, otanthauza kuti muyesowo ndi wosadalirika. Mukangolemba `hw70 < -200` osawachotsa, ana onsewo alowa m'gulu la osapinimbira, ndipo kompyuta sikuchenjezani. Mudzazindikira poona kuti peresenti yanu yatsika kuposa mmene imayenera kukhalira. `m19`, kulemera kwa mwana pobadwa, ilinso ndi 9996 kwa amene sadayezedwe ndi 9998 kwa amene mayi sakudziwa. Nenani kuti mudayamba ndi ana angati, mudachotsa angati pa chifukwa chilichonse, adatsala angati.

Pa mndandanda wa mavaliyebulo olosera, nenaninso zimene mudasiya dala. `hw3` ndi kutalika kwa mwana, ndipo `hw70` imawerengedwa kuchokera ku kutalika, zaka ndi kuti mwana ndi wamwamuna kapena wamkazi. Mukaika `hw3`, folesiti ingophunzira tebulo la WHO n'kukupatsani AUC yoyandikira 1. Kulemera kwa mwana nako kumayenda limodzi ndi kutalika, ndipo wachipatala amene wamuyeza kale mwana pa sikelo sasowa modelo. Mukaona AUC ya 0.95 kuchokera ku maphunziro a mayi, chuma cha banja ndi madzi akumwa, musafulumire kukondwa, bwererani mukafufuze chimene chadontha.

Gawo limene ndikufuna mulipatse malo aakulu ndi kagawidwe ka deta yophunzitsira ndi yoyesera. Ambiri amalemba kuti adagawa 80 ndi 20 mwachisawawa, basi. Tiyerekeze mwatsala ndi ana 5,000. M'makilasita 850, ndiye kuti pafupifupi ana 6 pa kilasita, ndipo ena mwa iwo ndi a mayi mmodzi. Ana a mudzi umodzi amamwa pa mjigo umodzi, amadya zokolola za nyengo imodzi, amapita ku sikelo imodzi. Mukagawa mwana ndi mwana, mkulu akhoza kugwera kophunzitsira, mng'ono wake koyesera. Folesiti imatha kugwira zizindikiro zing'onozing'ono zodziwitsa banja kapena mudzi, makamaka ngati mwaikamo zinthu zofanana pa kilasita yonse monga kukwera kwa malo kapena GPS. Lojisitiki singathe kuchita zimenezo mofanana. Motero folesiti ikhoza kuoneka yopambana chifukwa idaonera mayeso, osati chifukwa ikulosera bwino. Nthawi zina kusiyanako kumakhala kochepa, koma simungadziwe musanayese, ndipo woyesa dizeteshoni adzafunsa.

Njira yake ndi kugawa makilasita athunthu. Agaweni m'magulu 10, gulu lililonse makilasita pafupifupi 85. Phunzitsani pa magulu 9, yesani pa lotsalalo, n'kuzungulira mpaka lililonse litayesedwapo. Magulu omwewo agwire ntchito pa mamodelo onse awiri:

```python
from sklearn.model_selection import StratifiedGroupKFold
cv = StratifiedGroupKFold(n_splits=10, shuffle=True, random_state=2016)
folds = list(cv.split(X, y, groups=df["v001"]))
```

`v001` ndi nambala ya kilasita. Chilichonse chimene chimaphunzira kuchokera ku deta chichitikire mkati mwa magulu 9 ophunzitsirawo: kudzaza mipata ya deta yosowa, kusankha mavaliyebulo, ndi kufunafuna `max_features` kapena `min_samples_leaf` yabwino ya folesiti. Mukayesa makonzedwe ambiri a folesiti pa gulu loyesera n'kusankha opambana, nambala imene mudzalembe yakwera mwachinyengo. Choncho kufunafunako kukhale ndi kagawidwe kakekake mkati, nakonso kotsata makilasita. Lembani manambala onse amene mudayesa, chiwerengero cha mitengo, `random_state`, ndi vesheni ya pulogalamu.

Chilungamo chikufunikanso ku mbali ya lojisitiki, ndipo apa ndi pamene mapepala ambiri amandikhumudwitsa. Folesiti amaikonza masiku ambiri, lojisitiki amangoiponyera mavaliyebulo mmene alili, kenako n'kulengeza wopambana. Taonani zaka za mwana, `hw1`, zimene zili m'miyezi. Kupinimbira kumakhala kochepa m'miyezi yoyamba, kumakwera msanga m'chaka chachiwiri, kenako sikukweranso chimodzimodzi. Folesiti imagwira kupindika kumeneku yokha. Lojisitiki mukaipatsa zaka ngati mzere woongoka mwaimanga manja. Ipatseni sipulayini, kapena magulu a zaka amene mudasankhiratu musanaone zotsatira. Deta ikukwanira: pa ana 5,000, opinimbira ndi pafupifupi 1,850, ndipo mutakhala ndi maparamita 30 ndiye oposa 60 pa paramita iliyonse. Chenjeraninso kuti `LogisticRegression` ya scikit-learn imaika chilango cha L2 yokha ngati simunaiuze zina, ndiye nenani ngati yanu ili nacho.

Za maweyiti lembani chisankho chanu ndi chifukwa chake. Maboma ang'onoang'ono monga Likoma adapatsidwa sampulo yaikulu poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake, ndipo `v005` yogawidwa ndi 1,000,000 ndi imene imabwezeretsa chithunzi cha dziko lonse. Pophunzitsa, akatswiri amasiyana maganizo, koma chimene mwachita ku modelo imodzi muchitenso ku inzake. Poyesa, ine ndingaike maweyiti kudzera mu `sample_weight`, chifukwa funso ndi lakuti modelo ingagwire bwanji ntchito pa ana a m'Malawi, osati pa sampulo yokha. Kenako onetsani zopanda maweyiti m'tebulo lina kuti owerenga aone ngati zikusintha. Ngati mudzaonetsenso ma odi reshiyo, amenewo afunika `svyglm` mu R kapena `svy: logit` mu Stata, pamodzi ndi makilasita ndi masitirata.

Miyeso isankhiretu ndipo inenedwe m'chaputala chino. Peresenti ya zolondola yokha imanamiza: modelo yongonena kuti palibe mwana wopinimbira ikhoza 63 peresenti. Tengani AUC ngati muyeso waukulu. Onjezani muyeso wa Brier, ndipo muuyerekeze ndi wa modelo yopatsa mwana aliyense 0.37, umene ndi 0.37 × 0.63 = 0.233. Modelo yanu ikapeza 0.228, yaphunzira zochepa kwambiri. Onjezaninso chithunzi cha kalibulesheni: mwa ana amene modelo yawapatsa mwayi wa 0.6, kodi opinimbiradi ndi 6 pa 10 aliwonse? Ndi chifukwa chomwechi sindikulangizani SMOTE pano. 37 peresenti si gulu lochepa, ndipo kupanga ana ongopeka kuti magulu afanane kumakweza mwayi umene modelo imapereka, kalibulesheni n'kuonongeka.

Nenaninso mmene mudzadziwire kuti kusiyana kwa mamodelo ndi kwenikweni. Sonkhanitsani zolosera za magulu 10 onse oyesera, kenako chitani butisitirapu: tolani makilasita mobwereza, osati ana, ka 1,000, ndipo ulendo uliwonse werengani AUC ya folesiti kuchotsapo ya lojisitiki. Tiyerekeze, mwa chitsanzo chabe, lojisitiki yapeza 0.66, folesiti 0.67, ndipo malire a 95 peresenti a kusiyanako achoka pa -0.01 kufika 0.03. Pamenepo simunganene kuti folesiti yapambana. Zoterezi si kulephera kwa dizeteshoni. Mu 2019 Evangelia Christodoulou ndi anzake adaunika makafukufuku 71 olosera matenda, ndipo m'mayerekezo amene adachitika mosamala sadapeze umboni wakuti njira ngati folesiti zimaposa lojisitiki. Mukalemba lamulo loweruzirali musanaone zotsatira, palibe adzakuganizireni kuti mudalisintha pambuyo pake.

Zotsala ndi zachidule. Nenani kuti deta mudaipeza mutalembetsa ndi kuloledwa ndi DHS Program, kuti ilibe maina a anthu, ndi chilolezo chimene sukulu yanu idapereka. Musanabwezere chaputalacho kwa supavaiza, tsitsani mndandanda wa TRIPOD+AI wa 2024, muyende nawo mzere ndi mzere, ndipo pa mzere uliwonse mulembe tsamba la dizeteshoni yanu pamene mwayankha.