Anakana Lachitatu, uthenga unamufikabe Lachisanu

"Ndili ndi shopu ya mbewu ndi feteleza ku Kapata, kuno ku Chipata. Manambala a makasitomala ndimawatenga m'buku la malisiti, ndipo Lolemba ndimatcheratu mauthenga a mitengo kuti azipita okha pa WhatsApp. Mlimi wina wa ku Katete analemba Lachitatu kuti ndisiye, koma wa Lachisanu unamufikabe. Akuti akandinenera. Ndalakwa?"

Amayi, bambo ameneyu ali ndi podandaulira. Lamulo la Zambia loteteza mbiri za anthu, nambala 3 la 2021, limapatsa munthu ufulu wobweza chilolezo chake nthawi iliyonse, komanso wokana kuti nambala yake igwire ntchito yotsatsa malonda. Chilolezocho chiyenera kukhalapo pa ola limene uthenga ukutuluka, osati tsiku limene munautchera. Kunena kuti "foni inatumiza yokha" sikungakupulumutseni, chifukwa woitchera ndinu.

Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi buku la malisitilo. Mlimi amene anasiya nambala kuti mumuimbire feteleza wake akafika anavomera zokhazo basi, sanavomere mitengo ya sabata ndi sabata. Ndipo nkhani ikafika kwa Komishinala woteteza mbiri za anthu, woyenera kuonetsa umboni wa chilolezo ndinu, osati iye. Ngakhale malamulo a WhatsApp yeniyeniyo amafuna kuti munthu ayambe wavomera, ndipo ambiri akakubulokani kapena kukunenezani, nambala ya shopu ikhoza kutsekedwa pakati pa nyengo yogulitsa mbewu.

Lero lomwe, achotseni bambowo pa mndandanda wa olandira mauthenga anu pa WhatsApp, kenako tsegulani uthenga uliwonse umene ukudikira tsiku lake muone ngati nambala yawo ikadalimo. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Mndandanda umodzi umathera pa anthu 256, choncho wokhala ndi makasitomala ochuluka amakhala ndi mindandanda ingapo, ndipo nambala imodzi imapezeka pawiri. Alembereni kamodzi kokha: pepani, tsiku limene munawachotsa, popanda mtengo wa chilichonse. Nambalayo isungeni pa tsamba la okana, kuti wantchito wanu asadzaibwezere poikopera m'malisiti.

Otsalawo afunseni akabwera pashopu. Pakhale pepala lolembedwa kuti: "Ndavomera kulandira mitengo ya mbewu ndi feteleza pa WhatsApp, osapitirira kawiri pa sabata. Ndikafuna kusiya ndilemba LEKANI." Asaine, alembe tsiku. Amene wakana mugulitseni katundu monga mwa masiku onse.

Mawu oti kawiri pa sabatawo ndiwo malire anu; wachitatu, ngakhale mtengo utatsika, uli kunja kwa zimene munagwirizana. Pansi pa uthenga uliwonse kumbutsani za LEKANI, koma musaumirire liwu limenelo. Wina akatumiza mawu ojambula kuti "zakwana izi", wakana ndithu. Muziwerenga mayankho onse madzulo a tsiku loti mawa uthenga utuluka.