N'chifukwa chiyani vidiyo imene ndinaonera dzulo ikukana lero, pomwe ya pa WhatsApp ikusewera?

"Ine ndine mphunzitsi. Ndili kutauni ndinaonera vidiyo ya sayansi pa YouTube mpaka kumapeto, n'cholinga chokaonetsa ana kusukulu kwathu komwe netiweki imavuta. Nditafika inakana kutseguka. Koma mavidiyo a pa WhatsApp amasewera ngakhale ndilibe bandulo. Kusiyana kwake kuli pati? Nanga poti bandulo yanga inadyedwa, vidiyoyo inapita kuti?"

Aphunzitsi, vidiyoyo inafikadi m'foni mwanu, n'chifukwa chake bandulo inadyedwa. Kungoti foni sinauzidwe kuti iisunge. Anthu ambiri amaganiza kuti poonera pa intaneti, zomwe amati sitirimi, timangosuzumira vidiyo ili kutali ngati pawindo. Ayi ndithu. Chithunzi chilichonse chomwe maso anu anaona chinayenda kuchokera pa kompyuta za YouTube n'kudzalowa m'foni mwanu, chimodzimodzi ndi mmene zimakhalira podawuniloda. Zimasiyana pa zomwe foni imachita nazo zikafika.

Vidiyo ikaikidwa pa YouTube kapena malo ena otere, imaduliridwatu m'tizidutswa ta masekondi ochepa chabe, kawirikawiri pakati pa 2 ndi 10. Mukadina kuti isewere, foni imapempha kachidutswa koyamba, kachiwiri, kachitatu, n'kumatiika pamalo ongodikirira. Ikangopeza tokwanira kuyambira imayamba kuonetsa, uku ikupempha totsatira. Tomwe mwaonera kale imatitaya pakapita nthawi, ndipo mukatseka apu zotsalazo sizikhala zodalirika. Zili ngati kumwa madzi pampopi ndi manja: mwamwa ndithu, ludzu latha, koma kunyumba simunapite ndi kanthu. Kudawuniloda ndiko kubwera ndi ndowa.

Zimenezi mutha kuziona ndi maso anu. Tsegulani vidiyo pa YouTube n'kuyang'anitsitsa kamzere kapansi kaja. Pali mbali yofiira, yosonyeza pomwe mwafika, ndipo kutsogolo kwake kuli mbali yotuwa, yosonyeza tizidutswa tomwe tafika kale koma simunationere. Tsono yatsani Airplane mode vidiyo ili mkati. Siima pomwepo. Ipitirira bwinobwino mpaka kufiira kuja kukakumana ndi mathero a kutuwa, kenako kaja kozungulira kamayamba kuvina pakati pa sikirini. Mukaimitsa vidiyo n'kudikira, kutuwako kumatalikirako pang'ono n'kuima, sikufika kumapeto ngati vidiyo ndi yaitali. Opanga apuyi anachita dala kutero, chifukwa ambirife timasiya mavidiyo panjira, ndiye kukokeratu yonse kukanakhala kuwononga bandulo.

Kuduladulaku kuli ndi phindu linanso. Vidiyo imodzi imasungidwa m'milingo ingapo ya kaonekedwe, monga 144p, 360p, 480p ndi 720p, ndipo pa kachidutswa kalikonse apu imasankha mlingo malinga ndi mphamvu ya netiweki panthawiyo. Ndicho chifukwa nkhope zimachita mbuu mwadzidzidzi mukakhala m'minibasi, kenaka n'kuonekanso bwino. Foni yanu sinaonongeke, yangosankha kukupatsani chithunzi chosaoneka bwino kusiyana n'kuima.

Podawuniloda, foni imakoka zonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza pa mlingo umodzi, n'kuzilemba m'malo osungira zinthu kapena pa memore khadi monga fayilo, kawirikawiri yothera ndi .mp4. M'fayiloyo muli zithunzi zopanikizidwa, mawu, ndi kandandanda kouza pulogalamu yoseweretsa kuti sekondi yakutiyakuti ili pati. Chomasulira zopanikizidwazo n'kuzisandutsa zithunzi zoyenda chili m'foni momwemo kuchokera kufakitale. Intaneti ntchito yake inali kunyamula basi, ndipo katundu akafika wonyamula safunikanso. WhatsApp imachita zomwezi: mukadina kamuvi koloza pansi kaja, imakoka fayilo yonse n'kuisunga, ndiye mumaipeza mu Gallery ngakhale muli kumudzi kopanda netiweki. Ndi zomwezinso amachita anyamata obena nyimbo ndi mafilimu pamsika, amangokopera mafayilo pa khadi lanu.

Tiyeni tiwerengere limodzi za bandulo. Tiyerekeze kuti vidiyo yanu ndi ya mphindi 20 ndipo pa 480p ikudya megabiti imodzi pa sekondi. Mphindi 20 ndi masekondi 1,200, choncho ndi megabiti 1,200. Bandulo amagulitsa m'megabaiti, ndipo megabaiti imodzi ndi megabiti 8, ndiye tikagawa tipeza 150 MB. Kuonera pa intaneti kamodzi ndi 150 MB, kudawuniloda pa mlingo womwewo ndi 150 MB yomweyo. Koma mukaonetsa makalasi atatu pa sitirimi mwataya pafupifupi 450 MB, pomwe yosungidwa ija mukhoza kuonetsa chaka chonse osaonjezera kanthu. Sitirimi imapambana pokhapo pamene mukungolawa: mukaonera mphindi ziwiri n'kuona kuti si imene mumafuna, mwalipira mphindi ziwirizo ndi kakutsogolo kochepa kaja. Ine ndimati chilichonse chomwe mukudziwa kuti mudzachioneranso, sungani.

Pali msampha umodzi womwe ungakugwireni inuyo makamaka. Batani la Download la mu apu ya YouTube kapena Netflix limasungadi vidiyo m'foni, ndipo imasewera popanda intaneti, koma imakhala yokhomedwa. Simuipeza mu Gallery, simungaitumize pa Bluetooth kwa mphunzitsi mnzanu, ndipo imatseguka mu apu yomweyo yokha, pa gawo la Downloads. Komanso apuyo imafuna kulumikizana ndi intaneti nthawi ndi nthawi kuti itsimikize kuti chilolezo chikadalipo. Foni ikakhala nthawi yaitali osalawako netiweki, vidiyo imakana ngakhale ili momwemo ndipo ikudya malo. Mwini wake akaichotsa pa YouTube, nayonso yanu imazimiririka foni ikangolumikizidwa. Si mavidiyo onse omwe ali ndi batanili, zimatengera mwini vidiyo, dziko lomwe muli ndiponso ngati mumalipira. Ngati mukufuna fayilo yeniyeni yoika pa laputopu ya sukulu, funani masamba a maphunziro omwe amapereka okha fayilo yodawuniloda, kapena pemphani mwini vidiyoyo.

Vuto lina ndi dawunilodi yothera panjira, bandulo ikatha kapena netiweki ikaduka. Pa kompyuta, Chrome imasiya fayilo yothera ndi .crdownload, chizindikiro choti sinamalize. Nthawi zina fayilo imaoneka yabwinobwino koma kukula kwake kumaiulula: mumayembekezera 150 MB, ikuonetsa 40 MB. Yotere imasewera pang'ono n'kuima, kapena kukaniratu, chifukwa m'mafayilo ena a .mp4 kandandanda kaja kamakhala kumapeto, ndipo kumapetoko n'komwe sikunafike.

Choncho ulendo wina musananyamuke kutauni, dawunilodani vidiyoyo, sankhani 360p kapena 480p ngati ana adzaonera pa foni, 720p ngati muli ndi pulojekita ndipo pali zolemba zing'onozing'ono zofunika kuwerengeka. Ikamaliza, yatsani Airplane mode, onetsetsani kuti Wi-Fi nayo yazima, tsekani apu n'kuitsegulanso. Seweretsani poyambira, kenaka kokerani kamzere kaja mpaka mphindi yomaliza. Ikasewera pamenepo ndi mawu omwe, ikaseweranso m'kalasi.